Yankho limene ndinalembera mayi a ku Namwera

Uthengawo unalowa Lachisanu cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndikupimira mtsikana wina nsalu ya sukulu. Foni inalira kanayi motsatizana. Nditayang'ana ndinaona kuti ndi mayi a ku Namwera, ndipo mtima unagunda ndisanatsegule n'komwe, chifukwa ndinkadziwa kuti katundu wawo wangofika kumene m'manja mwawo, atachedwa ndi masiku atatu.

Anali mauthenga atatu a mawu, wina wolemba. Wolembawo unali wotere: "Achemwali, mwandichititsa manyazi pamaso pa abale anga. Munati Lachiwiri. Lero ndi Lachisanu, chinkhoswe ndi mawa. Telala wakana. Nsaluzi ndizitani tsopano? Mundibwezere ndalama zanga zonse, apo ayi tikaonana kupolisi. Sindimadziwa kuti ndinu akuba."

Sitolo yanga ndi yaing'ono, ili pa boma pano pa Mangochi, chapafupi ndi msika. Ndimagulitsa zitenje, nsalu za yunifolomu, ulusi, mazipi ndi mabatani. Zitenje zambiri ndimapikula ku Limbe. Ndalama yeniyeni pa malonda anga imachokera ku maoda a zinkhoswe, maukwati ndi magulu a amayi a mpingo kapena a kumzikiti, pamene anthu afuna chitenje cha maluwa amodzi chokwanira gulu lonse. Oda yotere ndi yokoma, koma ili ndi tsiku lake losasuntha. Munthu wogula sopo akhoza kudikira. Chinkhoswe sichidikira telala.

Mayiwa anabwera kusitolo Lachinayi la sabata yapitayo, patatsala masiku 9 kuti mwana wawo wamkazi achite chinkhoswe. Anasankha chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene ndinali nacho chimodzi chokha pashelefu. Ankafuna 40. Mwa izo, 24 zinali zosokera madiresi 12 a amayi akuchikazi, ziwiri ziwiri pa diresi, ndipo 16 zotsalazo zinali zongomanga m'chiuno. Tinagwirizana K7,000 chimodzi, zonse pamodzi K280,000. Anatumiza K200,000 pa Airtel Money ali chiimire pakauntala, n'kunena kuti K80,000 adzamaliza katundu akafika. Atandifunsa tsiku, ndinayankha mosaganiza kawiri kuti Lachiwiri zikhala zili ku Namwera. Telala wawo anali atawauza kuti akalandira nsalu Lachiwiri, amaliza madiresi 12 pofika Lachisanu madzulo, anayi pa tsiku.

Ndinalonjeza tsikulo ndisanafunse ku Limbe ngati chitenjecho chilipo chokwanira. Mnyamata amene amandigulira katundu kumeneko anapita kusitolo yopikulitsa Loweruka m'mawa, ndipo anapeza 26 zokha. Eni sitolo anati zina zifika Lolemba. Lolemba sizinafike, Lachiwiri sizinafike, zinafika Lachitatu masana. Anakweza zonse 40 pa minibasi madzulo a tsikulo. Kuchoka ku Limbe kufika kuno, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Ulongwe, ndi pafupifupi makilomita 190, ndipo zinthu zikayenda bwino katundu amagona ali m'sitolo tsiku lomwelo. Koma minibasi ija inathera pa Liwonde chifukwa anthu obwera ku Mangochi anatsala ochepa. Anthuwo anawasamutsira m'galimoto ina, thumba langa n'kutsala ndi munthu wa pasiteji. Nambala yanga inalembedwa ndi bolopeni pa tepi yokha, ndipo tepiyo inamatuka. Tinalipeza Lachinayi masana, linafika kuno kutada, magalimoto okwera ku Namwera atatha. Lachisanu m'mawa ndinalikweza pa galimoto yoyamba, linawoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mapiri a ku Chowe, n'kufika cha m'ma 10.

Aliyense wochita malonda kuno akamva nkhaniyi anena kuti, aa, zimachitika. Zoonadi zimachitika, ndipo ndicho chifukwa chake yankho loyamba limene ndinalemba linali lodzaza ndi minibasi. Ndinalemba kuti pepani mayi koma si ine, ndi a ku Limbe amene anachedwetsa, ndiponso kondakitala anasiya katundu pa Liwonde, inu mukudziwa mmene mayendedwe akuvutira masiku ano, ndipo mawu akuti wakuba andipweteka chifukwa ndakhala pano zaka zambiri osaba kanthu ka munthu. Chilichonse mu uthengawo chinali choona. Chala chinali chitatsala pang'ono kudina.

Chinandiletsa ndi uthenga wa mawu wachitatu, umene ndinali ndisanaumvetsere. Woyamba ndi wachiwiri unali wokalipa basi. Wachitatu mawu anali otsika, ngati munthu wotopa. Anati alamu awo akhala akufunsa kuyambira Lachitatu kuti kodi ndalama zija zinapitadi kusitolo, ndipo pa gulu la WhatsApp la banja wina walemba kuti ndalama za gulu zimafuna munthu woopa Mulungu. Apo ndi pamene ndinamvetsa. K200,000 ija sinali yawo okha. Anasonkhetsa kwa azichemwali awo, azilamu, anzawo a kumpingo, aliyense yake yake. Masiku atatu amene ine ndinkalimbana ndi thumba, iwo ankaoneka ngati munthu wodya ndalama za abale, pa chinkhoswe cha mwana wawo yemwe. Dzina la wakuba limene anandiponyera linali litayamba lagwera pa iwo.

Ndipo pamene ankafuna mawu oti akauze anthuwo, ine ndinawapatsa chiyani? Lachiwiri atandiimbira ndinati zili m'njira, pamene zinali zisanachoke ku Limbe. Lachitatu anaimba kawiri, sindinayankhe, poganiza kuti ndiwaimbira ndikakhala ndi nkhani yabwino. Lachinayi ndinangolemba kuti mawa. Izi sizinachitidwe ndi kondakitala.

Panalinso china cholemera kuposa pamenepa. Zitenje 26 zinalipo kuyambira Loweruka, ndipo madiresi onse ankafuna 24. Ndikanauza mnyamata uja kuti akweze zimene wapeza tsiku lomwelo, telala akanayamba Lolemba, tsiku limodzi lisanakwane lonjezo langa. Zotsala 14 zinali zongomanga m'chiuno, zikanafika ngakhale Lachisanu popanda wodandaula. Sindinatero chifukwa sindinkafuna kulipira minibasi kawiri. Ndinkapulumutsa K8,000. Ndikaika zifukwa zonse pamzere, a ku Limbe anachedwetsa nsalu 14 zimene sizinali zachangu, minibasi inadya tsiku limodzi ndi theka, koma chimene chinachititsa kuti telala akhale manja lende sabata yonse chinali chiganizo changa cha Loweruka. Yankho limene silikanatchula zimenezi likanakhala bodza, ngakhale liwu lililonse mmenemo likanakhala loona.

Ndinafufuta zonse. Ndinapempha mtsikana wondithandiza kuti aone makasitomala, ine n'kukhala kumbuyo pa katoni ndi kope la maoda. Ndisanalembe kalikonse ndinachita zinthu ziwiri: kuwerengera ndalama ndi kuimba mafoni. Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda. Nthawi inali itadutsa 11 koloko, chinkhoswe chinali mawa, ndipo chimene mayiwa ankasowa kwambiri chinali makina osokera.

Ndalama zinali motere. Chitenje chimodzi ndinapikula pa K5,800, zonse 40 zinakwana K232,000. Mnyamata wa ku Limbe ndinam'patsa K6,000, minibasi K8,000, galimoto ya ku Namwera K4,000. Phindu langa pa oda yonse linali K30,000. Kubweza K200,000 nsalu zili kwa iwo sikukanatheka, chifukwa imeneyo ndi mpamba wa sitolo, ndipo sitolo yaing'ono ikataya mpamba wotere mashelefu amakhala opanda kanthu mwezi wathunthu. Koma phindu lonse ndikanatha kulitaya osagwa. Ndinaona kuti malire anga ndi amenewo, mwina kupitirira pang'ono. Chitenje chosadulidwa ndikhoza kuchilandiranso, chifukwa chibwerera pashelefu n'kugulitsidwa. Chodulidwa ayi. Ndi bwino kudziwa malire amenewa usanalembe, chifukwa munthu ukagwidwa ndi manyazi umalonjeza chilichonse kuti mnzako asiye kukalipa, ndiye mawa lake umakhala waswa lonjezo lachiwiri.

Kenako mafoni. Matelala ambiri a ku Namwera amagula ulusi ndi mazipi kwa ine, choncho nambala zawo ndili nazo. Ndinaimbira anayi. Mmodzi anali ndi ntchito ya ukwati wina, wina sanayankhe. Awiri anavomera kugwira usiku, pa mtengo woonjezera K3,000 pa diresi lililonse pamwamba pa mtengo wa masiku onse. Mmodzi wa iwo anati ayamba akatuluka kumzikiti, poti linali Lachisanu, ndiye ntchito ikanayamba cha m'ma 2 koloko. Onse awiri anandiuza mosabisa kuti madiresi atatu aliyense ndiye angalonjeze, anayi ngati magetsi sathima ndipo masitayelo ndi osavuta. Ndinaimbiranso telala wa mayiwa, amene nambala yake inali m'kope. Sanakane ntchito yonse ayi, anakana kulonjeza 12. Atatu kapena anayi anati atha.

Apo ndiye ndinalemba. Uthenga wake ndi uwu, monga ndinautumizira:

"Mayi, ndamva mauthenga anu onse anayi mpaka kumapeto. Ndinakulonjezani Lachiwiri, katundu wafika lero Lachisanu. Ndalakwa ndine, ndipo ndikupepesa.

Inu munalipira K200,000 Lachinayi la sabata yatha, tsiku lomwe munaoda. Ndalama yonse inafika kwa ine tsiku lomwelo. Kuchedwaku sikukukhudza inu m'njira iliyonse, ndipo uthenga uno mukhoza kuuonetsa kwa aliyense amene anasonkha.

Chimene chinachitika ndi ichi. Loweruka ku Limbe kunapezeka zitenje 26 zokha. Ndinayenera kukuuzani tsiku lomwelo ndi kutumiza zimenezo kuti telala ayambe. Ndinasankha kudikira kuti zikwane 40, ndipo sindinakuuzeni. Lachiwiri ndinakuuzani kuti zili m'njira pamene zinali zisananyamuke. Lachitatu sindinayankhe foni yanu. Katundu anagonanso pa Liwonde usiku umodzi, koma ngakhale zimenezo zikanapanda kuchitika anali atachedwa kale.

Pofuna kuti mawa mukhale ndi madiresi, ndalankhula ndi matelala awiri a konko amene avomera kusoka lero mpaka usiku, pamodzi ndi telala wanu. Atatuwa akulonjeza madiresi 9, mwina kufika 12, koma 12 sindingakutsimikizireni. Ndalama yoonjezera ya changu, K3,000 pa diresi, ndilipira ine kwa onse atatu. Chitenje chilichonse chimene chitsale chosadulidwa mukhoza kundibwezera, ndichotsa K7,000 yonse pa chimodzi, ndipo galimoto yake ndilipira ine. Ngati mwaganiza zosiya nsaluzi kotheratu, mubweze zonse 40 zosadulidwa ndipo K200,000 ndikubwezerani pofika Lolemba. Kubweza ndalama yonse nsalu zili kwa inu sindingakwanitse.

K80,000 yotsala ija musaiganizire lero. Tidzawerengera chinkhoswe chikatha. Ndikuimbirani pakatha mphindi 15 kuti mundiuze ngati nditumize matelala."

Ndinalemba kaye m'malo moimba, ndipo ndinachita dala. Munthu wokwiya pafoni samva manambala. Ukati K3,000 pa diresi, iye akumva mawu ako okha, ngati akunjenjemera kapena akudzikweza, ndipo akukonzekera chokuyankha. Zolembedwa amaziwerenga kawiri, amapatsa mnzake kuti awerengenso, ndipo mawa palibe wonena kuti sitinagwirizane choncho. Komanso uthenga uwu sunali wa mayiwa okha. Ndinkadziwa kuti ukathera pa gulu la banja, kuti alamu aja auwerenga. N'chifukwa chake ndime yachiwiri, yonena za tsiku limene ndalama inafika, ndinaiika pamwamba, chifukwa cha kuchedwa chisanabwere. Pa zonse zimene ndinalemba, ndimeyi ndi imene sinanditengere tambala, koma ndi imene inagwira ntchito yaikulu. Ndinatumizanso chithunzi cha uthenga wa Airtel Money woonetsa tsiku ndi ndalama, kuti asavutike kufunafuna m'foni mwawo.

Kuvomera kuti ndinanama Lachiwiri kunandivuta kuposa china chilichonse. Ndinalemba chiganizocho, kufufuta, kulembanso. Mtima unkati ingonena kuti panali kusamvetsetsana. Koma mayiwa sanali mwana. Thumba likanyamuka ku Limbe Lachiwiri silingafike ku Namwera Lachisanu, ndipo iwo anali atawerengera kale. Ukabisa chimene mnzako wachiona, amasiya kukhulupirira ngakhale zoona zimene zatsatira, ndipo ine ndinkafunika kuti akhulupirire za matelala ola lomwelo. Azakhali anga anagulitsa nsomba zaka zambiri, kupikula chambo kunyanja n'kutumiza kwa makasitomala a m'tauni, ndipo ankati wogula amakhululuka nsomba yochedwa ukamuuza m'mawa, poti amakhala ndi nthawi yogula nyemba. Ukamuuza madzulo kuti ikubwera, ana ake agona ndi njala chifukwa cha iwe. Ndinawamva akunena zimenezi ndili mwana, koma sabata imeneyo ndinachita zosiyana nazo.

Za minibasi ndinazitchula, koma mu chiganizo chimodzi, ndipo pambuyo pa zanga. Ena amati usatchule n'komwe zifukwa zakunja, ine sindigwirizana nazo. Wogula ali ndi ufulu wodziwa kumene katundu wake anali. Vuto limakhala pa malo amene waziika ndi kukula kwake. Zikakhala poyamba, ndipo zikatenga theka la uthenga, munthu amamva kuti ukumupempha kuti akumvere chisoni iweyo, pamene wovulala ndi iye. Palinso kaliwu kakuti "koma". Pa kulemba koyamba kuja ndinati pepani mayi koma si ine. Liwu limeneli likabwera pambuyo pa pepani limameza pepaniyo. Mu uthenga wachiwiri ndinaonetsetsa kuti kupepesa kwaima pakokha, kenako mpumiro.

Za wakuba ndi za polisi sindinayankhe. Zinandipweteka, sindibisa. Ndakhala pamalo ano nthawi yaitali, ndipo dzina ndilo chuma chachikulu cha sitolo yaing'ono m'tauni imene aliyense amadziwa mnzake. Koma ndikanayamba kudziteteza pa liwulo, nkhani ikanasanduka ya ulemu wanga, n'kutha ola lathunthu limene matelala akanakhala akudula nsalu. Ndiponso wogula amene waona kuti wachitiridwa zosayenera ali ndi kokadandaula, monga ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo si kwa ine kumuopseza kapena kumunyoza chifukwa wanena kuti akadandaula. Chimene ndikanachita ndi kuika poyera chimene ndalandira, chimene ndapereka ndi chimene ndikulonjeza, kuti aliyense woweruza nkhaniyo, kaya ndi mlamu, kaya ndi mfumu, kaya ndi ofesi, aone zonse pamalo amodzi.

Kukana kubweza ndalama yonse ndinakulemba m'mawu ochepa, opanda kuzungulira. Pano ambiri timalakwitsa m'njira ziwiri. Ena timalumpha pempholo ngati sitinalimve, tikuyembekeza kuti wogula aiwala, ndipo saiwala. Ena timalemba ndime yaitali yofotokoza mavuto a malonda, kukwera kwa mitengo kuyambira pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023, lendi, misonkho. Zonsezo n'zoona, koma si za mayi amene mwana wawo akuchita chinkhoswe mawa. Ndinangowaikira njira ziwiri zimene ndikanakwanitsa, kusoka ndi matelala atatu kapena kubweza nsalu zonse n'kulandira ndalama, ndipo yachitatu ndinanena kuti sindingathe. Ndinkadziwa kuti njira yobweza zonse sangaitenge, poti Lachisanu masana sakanapeza zitenje 40 za maluwa amodzi pa Namwera. Komabe ndinaiika chifukwa inali yoona, ndipo akanaisankha ndikanakongola kwa anzanga a pamsika kuti Lolemba ndalama ipezeke. Usalembe njira imene ukupemphera kuti asaisankhe ngati sunakonzeke kuilipira.

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Sanayankhe. Patatha mphindi 15 ndendende ndinaimba. Nthawi imeneyi ndinaisunga ngati pemphero, chifukwa linali lonjezo loyamba pambuyo pa lophwanyidwa lija, ndipo ngakhale linali laling'ono, mayiwa akanayezera pomwepo ngati mawu anga ayambanso kulemera. Anayankha foni. Sanati zikomo, sanati ndakukhululukirani. Anakalipanso pang'ono, ine n'kungoti ndamva mayi, ndamva. Kenako anafunsa kuti matelalawo ali mbali iti. Ndinawauza. Anati mmodzi akumudziwa, amasoka bwino, winayo mikono ya madiresi amaipanikiza. Tinagwirizana kuti ameneyo apatsidwe masitayelo osavuta. Munthu akayamba kukambirana nawe za mikono ya diresi, ndiye kuti wasiya za polisi, ndipo ine chizindikiro chimenecho chinandikwanira.

Panali vuto lina limene sindinaliganizire polemba. Miyeso ya amayi onse 12 inali m'kope la telala woyamba, ndipo iye sanasangalale kugawana ntchito yake ndi anzake. Ndinamuimbiranso, n'kumutsimikizira kuti K3,000 ya changu ija nayenso alandira pa diresi lililonse limene asoke. Anajambula masamba a kopelo ndi foni n'kutumiza. Kabaza ananyamula nsalu kupititsa kwa awiri aja, ndipo pofika 3 koloko makina atatu anali akulira. Mazipi ndi ulusi wobiriwira anali nazo kale. Usiku umenewo sindinagone bwino. Cha m'ma 9 ndinaimbira aliyense kufunsa pamene afika, n'kulembera mayiwa chiwerengero: asanu atha, anayi ali pa makina. Sanayankhe, koma anawerenga.

Kutacha madiresi anali 9. Amayi atatu otsalawo anavala mabulauzi awo oyera n'kumanga chitenje m'chiuno, chimodzi chimodzi, ndiye zitenje zitatu zinatsala zosadulidwa. Mmodzi wa atatuwo anali mchemwali wawo wamkulu wa mayiwa, amene anachokera kutali, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti sanakondwe ngakhale pang'ono. Pamenepo palibe ndalama imene ikanakonza. Zithunzi za tsikulo zilipo, ndipo mmenemo iye alibe diresi.

Matelala ndinawalipira ndekha Loweruka m'mawa pa Mpamba ndi pa Airtel Money, K27,000 yonse. Lachitatu lotsatira zitenje zitatu zija zinabwera pa galimoto, zopindidwa bwino m'jumbo. Ndinachotsa K21,000 pa K80,000, n'kuwalembera kuti yotsala ndi K59,000, ndipo ndinaonetsa masamu ake mzere ndi mzere. Anatumiza patatha sabata ziwiri, opanda mawu ena. Zitenje zitatuzo zitagulitsidwa, pa oda ya K280,000 ndinatsala ndi K3,000, imene inathera pa kabaza ndi mayunitsi. Ndikanalipira minibasi kawiri Loweruka lija, ndikanatsala ndi K22,000 komanso kasitomala wosangalala.

Ena anzanga pamsika anati ndinawonjeza, kuti pepani ndi kuchotsako K5,000 zikanakwana. Mwina pa katundu wina zikanakwanadi. Munthu akaoda nsalu ya makatani n'kuchedwa masiku atatu, wataya kuleza mtima kokha, ndipo kupepesa koona ndi kumuchotsera mtengo wa galimoto n'kokwanira. Muyeso wake ndi chimene kuchedwako kwamuwonongera munthuyo, osati kukula kwa mkwiyo wake. Alipo okalipa kwambiri amene sanataye kanthu, ndipo alipo ofatsa amene ataya zambiri osanena. Kwa mayiwa chinawonongeka ndi masiku a telala ndi dzina lawo pakati pa abale, ndiye yankho linayenera kugula masiku a telala ndi kuyeretsa dzinalo. Kuchotsa K5,000 sikukanasoka diresi ngakhale limodzi.

Ndiyeneranso kunena kuti si nthawi zonse pamene wogulitsa ndiye wolakwa, ndipo yankho lotere silikwana paliponse. Mwezi wina bambo wina anaoda nsalu za kwaya, n'kuchedwa kutumiza ndalama masiku asanu, kenako n'kukalipa kuti katundu wachedwa. Kwa iwo sindinalembe kuti ndalakwa ndine, chifukwa sizinali choncho. Ndinalemba masiku okha: tsiku limene tinagwirizana, tsiku limene ndalama inalowa, tsiku limene katundu ananyamuka. Kuvomera mlandu umene si wako pofuna mtendere kumaphunzitsa wogula kuti kukalipa kumatsitsa mtengo. Ndi katundu wopita ku Makanjira nthawi ya mvula, kumene msewu umatha kuduka mitsinje ikadzaza, ndimanena poyamba pomwe kuti tsiku sindilonjeza, ndingolonjeza kukuuzani kumene katundu ali tsiku lililonse.

Kuyambira sabata imeneyo kope langa la maoda lili ndi mizere iwiri yatsopano. Wina ndi wa tsiku la mwambo, wina ndi wa tsiku limene telala akufuna nsalu, chifukwa limeneli ndilo tsiku lenileni. Sinditchula tsiku lofika ndisanaimbire ku Limbe wogula ali pomwepo, ndipo mnyamata uja akapeza kuti nsalu ndi yosakwana, amakweza zimene zilipo tsiku lomwelo, ine n'kuimbira mwini oda dzuwa lisanalowe. Pa thumba timalemba nambala ndi cholembera chakuda chosafufutika, mbali ziwiri, pa thumba penipeni osati pa tepi, ndipo mkati timaikamo kapepala kena. Amanditumiziranso nambala ya galimoto ndi foni ya kondakitala, ndipo amafunsa kaye ngati minibasiyo ikufikadi ku Mangochi kapena ithera pa Liwonde.

Mayi a ku Namwera sanaodenso kanthu kwa ine mpaka lero. Ndinakumana nawo kamodzi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ya kumlatho, akudikira galimoto. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino, ndinafunsa za mwana, anati ali bwino, ukwati ukhala chaka chamawa. Za nsalu za ukwatiwo sanatchule, ndipo ine sindinafunse. Mlamu wawo uja, amene ankafunsa za ndalama pa gulu, anabwera kusitolo miyezi iwiri yapitayo kudzaoda zitenje 15 za amayi a kumpingo kwawo. Ndisanatchule tsiku, ndinaimba ku Limbe iwo akumva. Zinalipo 11.